Matope a pansi pa nyanja yathu ndi mboni, tiziifunsa mafunso

Usiku wina magetsi atazima kuhositelo, ndinauza mnzanga wa m'chipinda zimene ndinali nditangowerenga, zoti kalekale nyanja ya Malawi inaphwa mpaka kutaya madzi oposa 95 peresenti. Iye anaseka n'kunena kuti, "Aise, ndani analipo? Anthu amenewa amangonena manambala chifukwa akudziwa kuti palibe angawatsutse." Mnyamata wina amene anabwera kudzapempha kandulo anayankha kuti, "Ngati anena ndi asayansi ndiye kuti ndi zoona, inu mukutsutsa chiyani?" Ndinagona ndikuganiza kuti onse awiri alakwa, ndipo alakwa mofanana. Wina wakana osafunsa, wina wavomera osafunsa.

Ine ndimaphunzira mbiri yakale ndi zinenero, sindinagwirepo chipangizo cha mulabotale. Koma chinthu choyamba chimene anatiphunzitsa m'chaka choyamba n'chakuti gogo akakuuza za nkhondo ya Angoni, kapena ukapeza kalata ya m'mishonale, sufunsa kuti "ndi zoona kapena bodza" basi. Umafunsa kuti wonenayo anaima pati, anaona chiyani ndi maso ake, chaka chake tachidziwa bwanji, ndipo ndani wina amene akunena zofanana asanakumane naye. Maganizo anga ndi akuti matope a pansi pa nyanja, mizere ya m'thunthu la mtengo ndi madzi oundana a ku Antarctica tiziwafunsa mafunso omwewa. Ndipo funso lovuta kwambiri pa onsewa ndi la chaka.

Ndiyambe ndi nyanja. M'chaka cha 2005 gulu la akatswiri, lomwe mwa atsogoleri ake munali Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen ochokera m'mayunivesite a ku America, linatenga chombo cha Viphya chimene chinkanyamula mafuta, n'kuchiika makina oboolera pansi. Pamalo amene anasankha pakati pa nyanja madzi ndi akuya mamita 592, moti nangula sakanathandiza. Chombocho ankachiimika pamalo amodzi ndi mainjini okankha madzi mbali zonse. Kuchokera pansi pa nyanjapo anaboola mamita ena pafupifupi 380, akutulutsa matope m'mapaipi ngati ndodo zazitali. Anaboolanso pamalo ena kumpoto, pomwe madzi ndi akuya mamita 359. Ndodo iliyonse amaing'amba pakati m'litali mwake, mbali ina n'kuisunga osaikhudza, mbali inayo n'kumatapako pang'onopang'ono kuti ayeze.

Chimene chimachititsa kuti matope a nyanja yathu akhale abwino n'chinthu chimene asodzi amachidziwa mwa njira yawo: pansi penipeni palibe nsomba. Nyanjayi imafika pafupifupi mamita 700 kuya kwake, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi ake alibe okosijeni, chifukwa madzi apamwamba ndi apansi sasakanikirana kwenikweni. Kopanda okosijeni kulibe nyongolotsi kapena nkhono zofukula matope. Chilichonse chogwera kumeneko chimagona pomwe chagwera, chaka chino pamwamba pa chaka chatha. M'madera ena a kumpoto kwa nyanja matopewo amaoneka mizeremizere: mzere woyera wa tindere tating'ono totchedwa madayatomu, timene timachuluka m'nyengo ya mwera mphepo ikavundula madzi, ndi mzere wakuda wa dothi lokokoloka ndi mitsinje m'dzinja.

Tsono matope sanena kuti "chaka chakutichakuti kunali chilala". Amene amanena zimenezo ndi munthu, atatanthauzira. Tiyeni titsate mmene amafikira pamenepo. Matope a m'madzi akuya opanda okosijeni amakhala akuda, odzaza ndi zotsalira za zamoyo zimene sizinaole. Ukatsika m'ndodo ya pakati pa nyanja ija kupitirira pang'ono mamita 30, matope amasintha. Amakhala otuwa, olimba, a laimu wambiri, ndipo muli zigoba za tizilombo tating'ono ngati njere ya mchenga totchedwa maositirakodi. Tizilombo timeneti timakhala pansi pa madzi koma sitingakhale popanda okosijeni. Ngati zigoba zake zili pamalo pamene lero pali madzi akuya mamita 592, ndiye kuti nthawi ina pamalopo madzi anali ochepa moti mphepo inkatha kuwavundula mpaka pansi. Mungu wa zomera umene uli m'matope omwewo ukusonyeza kuti mitengo ya m'nkhalango inachepa kwambiri, dziko lozungulira n'kukhala louma ngati m'mphepete mwa chipululu.

Mnzanga akanatha kunena kuti mwina zigobazo zinakokoloka kuchokera kugombe. Limenelo ndi funso labwino, ndipo zoterozo zimachitikadi: nthawi zina matope a m'mphepete amagumuka n'kutsetsereka kupita kokuya. Koma matope ogumuka amadziwika, chifukwa mchenga waukulu umakhala pansi, wosalala pamwamba, ndipo zigoba zimakhala zosweka ndi zopekeseka. Kuwonjezera apo pali mboni ina. Pamalo a kumpoto paja, ataboola mamita osafika 40, anapeza mchenga wa m'gombe ndi dothi limene linaumapo padzuwa. Pamalo pamene lero pali madzi mamita 359 munthu akanatha kuyendapo ndi mapazi. Ndipo kuboolaku kusanachitike, akatswiri ena anali atayeza pansi pa nyanja potumiza phokoso n'kumvetsera kubwerera kwake, n'kuona mathiriro akale a mitsinje atamira kutali ndi gombe la lero. Njira zitatu zosadalirana zikunena chinthu chimodzi. Pa mfundo yoti nyanja inaphwa kwambiri, ine ndilibe chikayiko.

Pamene pali nkhani ndi pa funso loti zinachitika liti. Mu 2007 gululo linalengeza kuti zilala zoopsazo zinachitika pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo. Manambala amenewa anachokera kuti? Njira yodziwika kwambiri ndi ya kaboni 14. Chomera chikakhala chamoyo chimatenga kaboni wa mtundu umenewu mumpweya. Chikafa, kaboniyo amatha pang'onopang'ono, theka lake m'zaka 5,730 zilizonse. Ukayeza wotsala, udziwa zaka. Koma tangowerengerani nokha: pakatha zaka 50,000 ndiye kuti wagawidwa pakati kasanu ndi katatu n'kupitirira, ndipo wotsala sakwana gawo limodzi mwa magawo 400. Pamenepo kafumbi kochepa ka masiku ano kakalowa m'chimene ukuyezacho, kamasokoneza yankho lonse. Choncho njirayi imathera pamenepo. M'ndodo ya mamita 380 ija, kaboni 14 amathandiza pa mamita apamwamba pafupifupi 20 okha.

M'munsi mwa pamenepo amadalira njira zina, monga kuyeza nthawi imene njere za mchenga zinaona dzuwa komaliza, kapena kufufuza pamene mphamvu ya maginito ya dziko inasintha. Mwachitsanzo, zaka pafupifupi 780,000 zapitazo maginito a dziko anatembenuka, kumpoto n'kukhala kummwera, ndipo tizitsulo ta m'matope tinasunga chizindikiro chake. Njira zimenezi zimapereka zikhomo zotalikirana, ndipo zina mwa izo zimatha kuphonya ndi zaka masauzande angapo. Pakati pa chikhomo china ndi chinzake amangojambula mzere, poganiza kuti matope ankaunjikana pa liwiro lofanana. Koma nyanja imene ikuphwa ndi kudzaza siunjika matope mofanana. Nthawi ina imaunjika msanga, nthawi ina imasiya, nthawi inanso mafunde amachotsa zimene zinaunjikidwa kale, ngati buku limene wina wathothola masamba pakati. Apa ndi pamene mnzanga uja akanakhala ndi mfundo, akanadziwa pogwira.

Chimene chinachitika pambuyo pake n'chimene chinandichititsa kulemba nkhaniyi. Zaka pafupifupi 75,000 zapitazo phiri la Toba pachilumba cha Sumatra ku Indonesia linaphulika, kuphulika kwakukulu koposa kwina kulikonse m'zaka 2 miliyoni zapitazi. Chaka chake chimadziwika bwino ndithu chifukwa miyala yake imayezedwa ndi njira ina, ya aligoni, imene sithera pa zaka 50,000. Christine Lane ndi anzake anaganiza zofunafuna phulusa la phirilo m'matope a nyanja ya Malawi, pa mtunda woposa makilomita 7,000. Phulusa lofika kutali chonchi silioneka ndi maso. Amatapa matope pang'onopang'ono motsatira kuya, n'kuwasefa, n'kuwaika m'madzi olemera kuti tizidutswa ta galasi la m'phiri tipatuke, kenako n'kumatiwerenga kamodzikamodzi pa maikulosikopu. Pa mamita pafupifupi 28 tizidutswato tinachuluka mwadzidzidzi.

Apanso funso la wokayika lilipo: kumpoto kwa nyanja, ku Tanzania, kuli mapiri a Rungwe amene aphulikapo kangapo, ndipo phulusa lake limapezeka m'matope a nyanjayi. Angadziwe bwanji kuti ili ndi la ku Sumatra? Yankho ndi lakuti galasi la phiri lililonse lili ndi kasakanizidwe kakekake ka silika, chitsulo, potaziyamu ndi zina. Anayeza kachidutswa kalikonse payekha, ndipo kasakanizidwe kake kanafanana ndi ka Toba, kosiyana ndi ka Rungwe. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013.

Tsopano panali chikhomo cholimba, ndipo chinasonyeza kuti kalendala yoyamba ija inalakwika. Phulusa linali pamwamba pa matope a chilala, m'kati mwa matope akuda a nyanja yodzaza kale. Ndiye kuti pamene Toba ankaphulika chilala chinali chitatha kalekale, zaka masauzande angapo m'mbuyomo, osati nthawi imodzimodziyo monga mmene manambala a 2007 ankasonyezera. Mmodzi mwa amene analemba nawo zokonzazi anali Thomas Johnson yemwe uja, amene dzina lake linalinso pa kalendala yoyamba. Anthu ena akamva zotere amati, "Mwaona, amangosintha." Kwa ine n'zimene zimandichititsa kuwakhulupirira. Munthu wongopeka nambala alibe chifukwa chothera miyezi akuwerenga tizidutswa ta galasi timene tingamutsutse.

Chikhomo chimenechi chimatilolanso kuchita samu imene aliyense angaichite pafoni. Mamita 28 m'zaka 75,000 ndiye kuti chaka chilichonse chinasiya matope osakwana theka la milimita. Ndodo yonse ya mamita 380, imene pano amati ikufika zaka pafupifupi 1.3 miliyoni, ikupereka yankho loyandikira: sentimita imodzi ndi zaka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Katswiri akatapa sentimita imodzi n'kuyeza, wasakaniza m'badwo wonse wa anthu m'supuni imodzi. Njala ya 1949, imene agogo athu amaisimba mpaka lero, singaoneke m'muyezo wotere. Chilala cha 1992 nachonso chingasowe. Matopewa amaona zilala za zaka mazana kapena masauzande, za chaka chimodzi saziona. Nkhani ya Toba yomweyo inakumana ndi vuto limeneli. Lane ndi anzake ananena kuti sanaone kuzizira kwakukulu pambuyo pa kuphulikako, zimene zinatsutsa ganizo lotchuka loti phirilo linatsala pang'ono kutha mtundu wa anthu. Ena anawayankha kuti kuzizira kwa zaka zochepa sikungaoneke m'matope otapidwa mokhuthala chonchi. Panafunika kubwereranso n'kutapa mopyapyala kwambiri, mamilimita ochepa nthawi imodzi, ndipo atatero sanapezebe chizindikiro cha kuzizira kwakukulu kokhalitsa m'derali.

Wofuna kudziwa za chaka chimodzichimodzi amapita ku mitengo. Njirayi anaikhazikitsa ndi A. E. Douglass ku Arizona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anthu ambiri amaimva molakwika, ngati kuti n'kungowerenga mizere pachitsa. Kuwerenga chabe kumanamiza. Mtengo ukavutika kwambiri ndi chilala umatha kusapanga mzere mbali ina ya thunthu, ndipo mvula ikadula pakati pa dzinja n'kuyambiranso umatha kupanga mzere wabodza. Chimene amachita n'kuboola mitengo yambiri ya dera limodzi ndi kachitsulo kotulutsa kamtengo konga pensulo, popanda kuigwetsa, n'kuyerekeza ndondomeko ya mizere yonenepa ndi yopyapyala. Tinene kuti mitengo 20 ikusonyeza mizere iwiri yonenepa, umodzi wopyapyala kwambiri, kenako itatu yonenepa. Mtengo wa 21 uli ndi ndondomeko yomweyo koma yatsogola ndi chaka chimodzi. Pamenepo wadziwa kuti mtengo umenewu wasowa mzere penapake, ndipo ungathe kupeza pamene wasowapo. Ukatenga mtanda wa nyumba yakale umene mizere yake yakunja ikufanana ndi mizere yam'kati ya mtengo wamoyo, walumikiza ziwirizo ndipo kalendala yatalika kupita m'mbuyo.

Kwa nthawi yaitali ankati mitengo ya kuno kotentha ilibe mizere ya pachaka, chifukwa kulibe chisanu choimitsa kukula. Koma ife tili ndi chilimwe chimene chimayoyola masamba. Mlombwa, mtengo womwewu umene akalipentala amaufuna popanga zitseko, unapezeka kuti umapanga mzere umodzi pachaka, ndipo mu 2006 Matthew Therrell ndi anzake anagwiritsa ntchito milombwa ya ku Zimbabwe kuyerekeza mvula ya kumeneko kuyambira 1796 mpaka 1996. Kasinthidwe ka mizere kukhala mamilimita a mvula kali ndi mayeso ake. Amatenga zaka zimene mvula inayezedwadi ndi zipangizo, n'kuzigawa pawiri. Ndi gawo loyamba amapeza ubale wa kunenepa kwa mzere ndi mvula. Kenako ndi ubale umenewo amalosera mvula ya gawo lachiwiri, n'kuyerekeza ndi imene inagwadi. Ubale ukalephera mayeso amenewa, amautaya. Milombwa ija inakhoza, koma inafotokoza pafupifupi theka lokha la kusinthasintha kwa mvula. Theka linalo ndi moto wa m'tchire, tizilombo, mthunzi wa mtengo woyandikana nawo ndi zina zimene mtengo umakumana nazo. Choncho mtengo sulakwitsa chaka, koma umangoyerekeza kuchuluka kwa mvula, ndipo kuno sufika kutali. Zaka 200 za mlombwa ndi masentimita asanu ndi awiri okha a matope a m'nyanja.

Madzi oundana ndi osiyana ndi ziwirizi pa chinthu chimodzi chachikulu. Ku Antarctica chipale chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka, chimapanikizana mpaka kuuma gwa, ndipo potero chimatsekera tithovu ta mpweya. Pamalo otchedwa Dome C akatswiri a ku Ulaya anaboola kupitirira makilomita atatu n'kufika pa zaka 800,000. Akaphwanya chidutswa m'chotengera chopanda mpweya, chimene chimatuluka ndi mpweya weniweni wa nthawi imeneyo, osati chizindikiro chake chabe. M'zaka zonsezo kaboni dayokisaidi ankakwera ndi kutsika pakati pa magawo pafupifupi 180 ndi 300 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya. Lero wapitirira 420. Ngakhale pamenepa pali chofunika kusamala: tithovuto sititsekeka mpaka chipale chitakwiririka mamita 50 kapena 100, choncho mpweya umakhala wamng'ono msinkhu kuposa madzi oundana ouzungulira, ndipo kumalo kumene chipale chimagwa chochepa kusiyanako kumafika zaka masauzande. Amene amatsutsana zoti chinayamba kukwera n'chiti pakati pa kutentha ndi kaboni, ayenera kuyamba afunsa mmene kusiyana kumeneku kunawerengedwera.

Kutentha kokha sikutuluka m'kathovu. Amakuyerekeza kuchokera ku mitundu ya okosijeni ya m'madziwo, wolemera ndi wopepuka, chifukwa kukazizira chipale chimakhala ndi wolemera wochepa. Ubale umenewu unanamizapo anthu. Ku Greenland, pogwiritsa ntchito ubale wa masiku ano, ankati m'nyengo yozizira kwambiri yomaliza kunkazizira ndi madigiri pafupifupi 10 kuposa lero. M'zaka za m'ma 1990 anatsitsa zoyezera kutentha m'dzenje lomwe anaboolalo, poti madzi oundana akuya amasungabe kuzizira kwakale monga mmene pansi pa mtsuko pamakhalira pozizira masana, ndipo anapeza kuti kusiyanako kunali madigiri 20 kapena kuposa. Chizindikiro chinali cholondola, chimene chinalakwika ndi muyezo wosinthira.

Ngakhale kalendala ya madzi oundana, imene pamwamba pake amaiwerenga mzere ndi mzere ngati ya mtengo, inakonzedwapo ndi mboni ina. Mu 2012 Fusa Miyake wa ku Japan anapeza kuti m'mizere ya mitengo ya mkungudza ya kwawo ya chaka cha 774 kupita 775, kaboni 14 anakwera mwadzidzidzi, ndipo ambiri pano amati chinachititsa ndi mkuntho waukulu wochokera kudzuwa. Mitengo ya m'makontinenti ena inasonyeza zomwezo m'chaka chomwecho. Mkuntho womwewo unasiyanso chizindikiro chake m'madzi oundana, koma pa kalendala ya ku Greenland chizindikirocho chinali pa chaka chosiyana ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Mu 2015 kalendalayo inakonzedwa. Zaka zisanu ndi ziwiri pa zaka zoposa 1,200 n'zochepa, koma kwa wolemba mbiri amene akufuna kudziwa ngati kuphulika kwa phiri kunatsogolera njala kapena kunabwera njala itayamba kale, n'zimene zimagamula mlandu.

Ndibwerere kwa mnzanga uja, chifukwa nditamufotokozera zonsezi anasintha nyimbo. Anati, "Chabwino aise, ndavomera kuti nyanja inaphwa. Ndiye kuti nyengo imasintha yokha. Nthawi imeneyo kunalibe galimoto kapena fakitale, bwanji lero mukuloza anthu chala?" Ndamva mfundo imeneyi kwa anthu ophunzira bwino, ndipo ndikuona kuti ndi kugwiritsa ntchito mboni pa mlandu umene siinauone. Zilala zija zili ndi chifukwa chodziwika: kapendekedwe ka dziko poyenda mozungulira dzuwa kamasintha pa mkombero wa zaka pafupifupi 20,000, ndipo nthawi imeneyo njira ya dziko inali yobulungira mopendama kwambiri kuposa lero, moti kusinthako kunkakankha malamba a mvula mwamphamvu. Mkombero umenewo akatswiri a zakuthambo amauwerengera molondola, ndipo sungafotokoze kusintha kwa m'zaka 150 zokha. Matope a m'nyanja, amene sentimita yake imodzi ndi zaka 30, si amene angatiuze za chifukwa cha kutentha kwa lero. Pa mlandu umenewo mboni yoyenera ndi tithovu ta ku Antarctica, ndipo tikunena kuti mpweya wa lero sunaonekepo m'zaka 800,000.

Komanso zosiyana ndi zimenezi n'zoona, ndipo izi ndimauza anzanga amene amakonda kuika chithunzi cha mzere wa ku Antarctica pa nkhani iliyonse ya nyengo ya Malawi. Madzi oundana a kumeneko sanaone mvula ya ku Karonga. Pamene dziko linali pa chimake cha nyengo yozizira yomaliza, zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, nyanja yathu inatsika ndithu, koma pang'ono poyerekeza ndi zilala zakale zija. Wongoyang'ana mzere wa ku Antarctica sakanalosera zimenezo. Ndodo yonse ya 2005 itawerengedwa, mu 2015 analengeza kuti m'zaka 1.3 miliyoni nyanja inatsika kupitirira mamita 200 maulendo 24, ndipo maulendo 15 inatsika kupitirira mamita 400. Nyanja yodzaza ngati ya lero si mmene yakhalira nthawi zonse.

Chimene ine ndimatengapo pamenepa si mantha oti nyanja iphwa tili moyo. Kutsika kwa mamita mazana kumatenga mibadwo yambirimbiri. Chimene matope akusonyeza n'chakuti nyanjayi imamva msanga mvula ikasintha. Madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, ochepa okha ndi amene amatuluka mumtsinje wa Shire, ndipo potulukira pake ndi posaya. Sipafunika mamita 400 kuti tione zovuta, mamita ochepa okha akwanira. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kulandira madzi ake. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, Tedzani kapena Kapichira. Lero magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umenewo.

Ndiye funso limene boma, alimi a nzimbe a kuchigwa ndi ife ogona mumdima tikufuna yankho lake ndi ili: zaka 20 zouma ngati zimenezo zimabwera kangati pa zaka 1,000? Ndodo yaitali ya 2005 inatapidwa kuti iyankhe mafunso a zaka masauzande. Zoyezera mvula za m'dziko muno zangokwanitsa zaka zopitirira pang'ono 100. Pakati pa ziwirizi pali mpata, ndipo zimene zingautseke ndi matope a mizeremizere a kumpoto aja, owerengedwa mzere ndi mzere, pamodzi ndi mitengo yakale. Ku South Africa anayesapo milambe ya ku Pafuri n'kupeza mbiri ya mvula ya zaka 1,000. Ife milambe tili nayo ku Mangochi, ku Salima ndi kuchigwa cha Shire, ndipo milombwa ikuluikulu ikutha ndi macheka tsiku ndi tsiku. Mlombwa wa zaka 200 ukasanduka chitseko popanda wina kusungako kagawo ka chitsa chake n'kulemba malo ndi chaka chimene unadulidwa, zaka 200 zimenezo zapita.

Ndodo za matope zija zikusungidwa m'chipinda chozizira ku Minnesota, ku America. Sindikudandaula nazo kwenikweni, chifukwa matope akauma kapena akachita nkhungu ntchito yake yatha, ndipo ndi mmene magetsi athu amazimira sindikanafuna kuti azisungidwa m'firiji ya kuno. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndaphunzira m'sukulu za dziko lino kuyambira sitandade 1, ndaloweza kuti David Livingstone anafika panyanjayi mu 1859, koma za phulusa la ku Sumatra limene lili mamita 28 pansi pa matope ake ndazipeza ndekha, mwangozi, ndikufufuza zina. Mnzanga uja sanagonje kwenikweni. Mawa lake pachakudya cham'mawa anandifunsa kuti, ngati phulusa limodzi linasuntha kalendala ndi zaka masauzande pa mamita 28, nanga pa mamita 200 yasokonekera ndi zaka zingati? Ndinamuuza kuti kumeneko zikhomo n'zotalikirana kwambiri, ndipo akatswiri eni akewo akukanganabe za zaka za kumeneko.